Tulo ndi nkhawa: chifukwa chake mankhwala ena amagonetsa koma mtima osakhazikika

Munthu wovutika ndi nkhawa akamwa piritsi logonetsa, usiku amagonadi, koma kukacha mtima umayambanso kuthamanga ngati kale. Ambiri amaganiza kuti mankhwala alionse oziziritsa ubongo amagwira ntchito mofanana. Sizili choncho. Mu ubongo, tulo ndi nkhawa zili ndi malo osiyana pomwe mankhwala amakagwira.

Ubongo uli ndi mankhwala akeake achilengedwe otchedwa GABA, omwe ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro la mauthenga pakati pa maselo. GABA akafika pa selo, amakakhala pa cholandirira chotchedwa GABA-A. Cholandirirachi chili ngati chipata: chikatseguka, kuloraidi amalowa m'selomo, ndipo seloyo imavutika kutumiza uthenga. Maselo ambiri akatero nthawi imodzi, munthu amafatsa, amawodzera, kenako amagona.

Cholandirira chilichonse chimapangidwa ndi zigawo zisanu. Kawirikawiri ziwiri zimakhala za mtundu wa alufa, ziwiri za beta, chimodzi cha gama. Nkhani yagona pa alufa, chifukwa alipo a mitundu isanu ndi umodzi, ndipo sanamwazike mofanana mu ubongo. Alufa 1 ndiye wochuluka: amapezeka pa zolandirira zopitirira theka. Alufa 2 ndi wochepa, koma ndi wambiri m'madera okhudza mantha, monga amigidala.

Mankhwala ngati dayazepamu, amene zipatala zathu zimagwiritsa ntchito poletsa kukomoka, satsegula okha chipatacho. Amamatirira pomwe alufa amakumana ndi gama, n'kuchititsa kuti GABA akafika, chipata chizitseguka pafupipafupi. Dayazepamu amagwira alufa 1, 2, 3 ndi 5 mosasankha. N'chifukwa chake amachita zambiri nthawi imodzi: kugonetsa, kuchepetsa nkhawa, kufewetsa minofu ndi kuiwalitsa.

Umboni woti chigawo chilichonse chili ndi ntchito yakeyake unachokera ku Zurich, m'dziko la Switzerland. Mu 1999, Uwe Rudolph, Hanns Möhler ndi anzawo anasintha kachidutswa kamodzi kokha ka alufa 1 mwa mbewa, kuti dayazepamu asathe kumatirirapo. Mbewazo zitapatsidwa mankhwalawa sizinawodzere ndipo sizinaiwale zinthu, koma mantha ake anachepa monga mwa nthawi zonse. Mu 2000 anachita zomwezo pa alufa 2, ndipo zinthu zinatembenuka: mbewa zinawodzera, koma mantha sanachoke. Apa zinaoneka kuti tulo timadzera kwambiri pa alufa 1, pomwe kuchepa kwa nkhawa kumadalira kwambiri alufa 2.

Tsopano taonani zolupidemu, piritsi lodziwika la anthu osowa tulo. Amamatirira pa alufa 1 mwamphamvu pafupifupi kakhumi kuposa pa alufa 2 ndi 3, ndipo alufa 5 samukhudza kwenikweni. Munthu akamwa mamiligalamu 10, maselo okhala ndi alufa 1 amazizira msanga, iye n'kugona pasanathe theka la ola. Pa mulingo umenewo alufa 2 amakhala atakhudzidwa pang'ono chabe, choncho nkhawa sinagwiridwe mokwanira. Kuwonjezera apo, theka la mankhwalawa limachoka m'magazi pakatha maola awiri kapena atatu, pomwe dayazepamu amatenga tsiku kapena kupitirira. Masana zolupidemu amakhala atatha kale.

Vuto limabwera munthu akaganiza zowonjezera mapiritsi kuti mtima ukhale m'malo. Mulingo ukakwera, mankhwalawa amafikadi pa alufa 2, koma alufa 1 amakhala atapanikizidwa kale mopitirira. Zizindikiro zake ndi kudzandira, kulankhula mokoka lilime ndi kusakumbukira za usiku. Ena amadzuka n'kuyenda, kudya, ngakhale kuyendetsa galimoto ali m'tulo. Mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku America linatsitsa mulingo wa amayi kufika pa mamiligalamu 5, ndipo mu 2019 linalamula chenjezo lamphamvu pa zochita za m'tulozi. Mowa umakulitsa ngoziyi chifukwa nawonso umawonjezera mphamvu ya GABA, ndipo kupuma kungafowoke.

Mankhwala ochotsa nkhawa popanda kugonetsa akhala ovuta kupanga. Ena, otchedwa MRK-409, sanagonetse nyama zoyeserapo, koma anthu atawamwa anawodzera, ntchito n'kuima. Ubongo wa munthu umamva ngakhale alufa 1 atangokhudzidwa pang'ono.

Ngati chimene chikukulandani tulo ndi nkhawa, auzeni adokotala zimenezo momveka, chifukwa chithandizo chake n'chosiyana ndi cha kusowa tulo wamba. Ndipo ngati mwamwa mankhwala amenewa kwa milungu ingapo, musawasiye mwadzidzidzi, poti kutero kungabweretse kunjenjemera, nkhawa yaikulu ngakhale kukomoka. Mulingo uzitsitsidwa pang'onopang'ono, motsogozedwa ndi achipatala.