Singano ikabaya wantchito watsopano: kalembedwe ka kanema wophunzitsa chitetezo m'chipatala

Munthu amene wangoyamba ntchito pachipatala amauzidwa zambiri tsiku loyamba: nthawi yofikira, yunifomu, malo osainira, mayina a akuluakulu. Malamulo a chitetezo amabwera m'kati mwa zonsezi, ndipo ambiri amagwedeza mutu kuti amva. Vuto limaoneka pa tsiku limene singano yogwiritsidwa kale ntchito yalowa m'chala. Pa nthawi imeneyo munthu sakumbukira mndandanda wa malamulo. Amakumbukira zimene anaonapo wina akuchita.

Apa ndi pamene kanema wa timasewero tifupitifupi amathandiza. Nkhani ino ikufotokoza momwe kanema wotere angalembedwere kuti aphunzitse antchito atsopano m'zipatala za ku Machinga ndi Balaka, potsata ngozi imodzi yokha: kubayidwa ndi singano.

Chifukwa choyambira pa singano

Singano imene yabaya munthu wa kachilombo ka HIV ikabaya wina, pafupifupi anthu atatu mwa 1,000 alionse ndiwo amatenga kachilomboka. Chiwerengerochi n'chochepa, koma sichonyozeka m'dziko limene kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu 8.9 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV. Matenda a chiwindi a mtundu wa B ndiwo amafala mosavuta kwambiri panjira imeneyi: kwa munthu wosalandira katemera, mwayi wotenga umachokera pa 6 kufika pa 30 pa 100 alionse. Katemera wa matendawa analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana ku Malawi mu 2002, kotero wantchito wobadwa chisanafike chakachi sanamulandire kusikelo.

Chimene chimachititsa ngoziyi kukhala yoyenera sewero n'chakuti ili ndi wotchi. Mankhwala oteteza munthu amene wakhudzana ndi HIV, otchedwa PEP, ayenera kuyambidwa msanga, makamaka m'maola 24 oyamba, ndipo maola 72 akadutsa sathandizanso. Munthu amamwa kwa masiku 28. Choncho chimene wantchito angachite m'ola loyamba chimasintha zotsatira zake, ndipo ola loyambalo likhoza kujambulidwa.

Sewero limodzi, chochita chimodzi

Cholakwika chofala polemba kanema wophunzitsa ndi kufuna kunena zonse. Wolemba amaika magolovesi, kusamba m'manja, klorini, moto ndi kunyamula odwala m'mphindi khumi, wolankhula mmodzi ataima patsogolo pa khoma. Woonera amatuluka akudziwa kuti chitetezo chilipo, koma osadziwa chochita ndi manja ake.

Njira yabwino ndi kuyamba ndi funso ili: kodi munthuyu akatha kuonera, achite chiyani chosiyana ndi kale? Yankho likhale chinthu chooneka ndi maso. "Azisamala ndi singano" si yankho, chifukwa kusamala sikujambulika. "Asabwezere chivindikiro pa singano, aiponye m'bokosi lotayiramo majakisoni asanachoke pamalopo" ndi yankho. Sewero lililonse litenge chochita chimodzi chotere, ndipo lisapitirire mphindi ziwiri.

Pa nkhani ya singano, masewero atatu ndi okwanira. Loyamba lionetse mlangizi wa zaumoyo pa sikelo ya kumudzi, amayi ali pamzere, iye akufuna kubwezera chivindikiro chifukwa bokosi waliika patali. Lachiwiri lionetse bokosi limene ladzaza kupitirira magawo atatu mwa anayi, pomwe linayenera kutsekedwa ndi kupita kung'anjo. Lachitatu lionetse zochitika munthu atabayidwa kale. Lachitatuli ndi lovuta kulemba, ndipo ndilo likutsatira apa.

Chitsanzo cha sewero lachitatu

Malo ndi chipatala chaching'ono chosatchulidwa dzina. Ndi Lachisanu, 4 koloko madzulo. Mayi wokonza m'chipatala, amene wagwira ntchito milungu iwiri yokha, akumanga thumba la zinyalala m'chipinda chobayira jakisoni. Kamera ili pa manja ake. Akukanikiza thumbalo kuti limangike, kenaka akudzidzimuka. Akuvula golovesi. Pachala pali kadontho ka magazi. Akuyang'ana kukhomo, akupukutira chalacho pa yunifomu, n'kupitiriza ntchito. Mnzake wachikulire akulowa ndi ndowa.

Wachikulire: Mwatani chalacho, asisi?

Watsopano: Palibe, amayi. Kandikanda pang'ono basi.

Wachikulire: Chakukandani n'chiyani m'thumba lomangamanga?

Watsopano: Kasingano. Koma chonde musanene. Ndangoyamba kumene, aziti ndine wosasamala. Ndidzaona Lolemba.

Apa chithunzi chikuima, ndipo pakumveka funso: "Mukanakhala inu, mukanatani?" Wophunzitsa aimitse kanemayo n'kulola anthu akambirane. Kenaka sewero lipitirire.

Wachikulire: Lolemba ndi kutali. Bwerani kumpopi. Sambani ndi sopo, madzi aziyenderera. Musafinye, musayamwe, ndipo klorini uyo asakhudze balalo.

Watsopano: Nanga akandiyeza magazi, aliyense pano sadziwa?

Wachikulire: Zotsatira ndi zanu ndi wokuyezaniyo. Ndiponso singanoyo simunaiponye m'thumba ndinu. Tiyeni kwa asisita pompano, ndikuperekezani.

Chithunzi chomaliza chionetse namwino akufotokozera mayiyo za kuyezetsa, akumupatsa piritsi loyamba, n'kulemba ngoziyo m'buku. Wotchi yapakhoma ikuonetsa kuti ola silinathe.

Zimene zabisika m'seweroli

Tsiku la Lachisanu silinasankhidwe mwangozi. Maola 72 kuchokera Lachisanu 4 koloko madzulo amatha Lolemba 4 koloko madzulo. Munthu wodikira Lolemba amafika nthawi itatsala pang'ono kutha, maola amene mankhwala akanagwira bwino atapita kale. Wophunzitsa akhoza kuwerengetsa anthu maolawa ndi zala, ndipo chiwerengero cha 72 chimasiya kukhala nambala yoloweza.

Wobayidwa ndi wokonza m'chipatala, osati namwino, chifukwa singano yotayidwa molakwika imabaya amene amanyamula zinyalala, ochapa nsalu ndi owotcha kung'anjo. Anthuwa sanadutse kusukulu ya unamwino, ndipo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti singanoyo inabaya ndani. Akaona munthu wonga iwo pa kanema, amazindikira kuti PEP ndi wawonso.

Chopinga m'seweroli si umbuli. Mayiyo akudziwa kuti singano ndi yoopsa. Chikumutsekereza ndi mantha awiri: kuoneka wosasamala pantchito imene wangoipeza, ndi kuyezedwa magazi ndi anthu amene amadya nawo nsima masana. Sewero limene silitchula mantha amenewa limaphunzitsa zimene anthu akudziwa kale. N'chifukwa chake mawu akuti "chonde musanene" ayenera kumveka, ndipo yankho lichokere kwa mnzake wapantchito, osati kwa bwana.

Malangizo a pabala alembedwe molondola. Kufinya bala kapena kulithira klorini sikuchotsa kachilombo, kumangowononga khungu. Magazi akagwera m'maso kapena m'kamwa, munthu atsuke ndi madzi ambiri oyera. Kuyezetsa koyamba kuli ndi chifukwa chake chimene namwino wa m'sewero ayenera kunena: munthu amene ali kale ndi HIV safunika PEP wa masiku 28, afunika kuyamba ma ARV a moyo wonse. Wopezeka alibe amayamba PEP n'kudzayezetsanso pakatha miyezi itatu. Namwinoyo afunsenso za katemera wa matenda a chiwindi, chifukwa PEP wa HIV salowa m'malo mwa katemerayo.

Kujambula zofanana ndi malo enieni

Wantchito wa ku Nayuchi, kufupi ndi malire a Mozambique, kapena wa ku Chikweo, akaona chipinda chonyezimira chokhala ndi mipopi itatu, amadziwa kuti kanemayo sakunena za iye. Ngati malo ake osambira m'manja ndi ndowa ya kampopi, sewero lionetse ndowayo. Bokosi likhale la katoni lija amapinda okha. Ndi bwinonso kulemba sewero lina lochitika usiku, namwino ali kunyumba, kuti woonera aone munthu akugogoda pakhomo m'malo modikira kuche.

Kumapeto kwa kanema kusiyidwe mpata woti chipatala chilichonse chinene zake: amene munthu akamuuze, kumene PEP amasungidwa, ndi amene amasunga kiyi Loweruka ndi Lamlungu. Yankho la pachipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde silingafanane ndi la ku Ntaja, Phalula kapena Utale. Wophunzitsa ayende ndi antchito atsopanowo kukaona malowo kanema akangotha.

Chiyankhulo nachonso n'chofunika. M'madera ambiri a Machinga ndi mbali ina ya Balaka, monga ku Ulongwe, anthu amalankhula Chiyao kunyumba. Sewero la Chiyao lilembedwe ndi olankhula Chiyao ndi kuseweredwa mwatsopano, chifukwa mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi sawerengeka pa foni yaing'ono, ndipo si onse amawerenga mwachangu. Odwala enieni asajambulidwe, ndipo ochita sewero agwiritse ntchito singano yatsopano ndi utoto wofiira.

Kudziwa ngati kanema wagwira ntchito

Kufunsa anthu ngati kanemayo wawasangalatsa sikuonetsa kanthu. Asanajambulidwe, seweroli liwerengedwe mokweza kwa antchito angapo a ntchito yomweyo. Akaseka pamalo osayenera kusekedwa, kapena akati "kuno sitiyankhula choncho", mawuwo asinthidwe. Likajambulidwa, woonera apatsidwe golovesi n'kuuzidwa kuti wabayidwa, aonetse chimene angachite. Amene wafinya chala, kapena sakudziwa khomo loti agogode, waonetsa pamene sewero lalephera.

Pali chizindikiro china chimene chimasokoneza oyang'anira. Maphunziro akayenda bwino, ngozi zolembedwa m'buku zikhoza kuchuluka m'miyezi yoyamba. Izi sizitanthauza kuti anthu akubayidwa kwambiri. Mwina amene ankabisa ayamba kunena. Choyenera kuyang'ana ndi maola amene akudutsa kuchokera pa kubayidwa kufika pa piritsi loyamba, ndi kuchuluka kwa amene atsiriza masiku 28.

Pamene kanema amalekezera

Lamulo la Malawi la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limaika udindo pa olemba ntchito kuti aphunzitse antchito awo ndi kuonetsetsa kuti malo ogwirira ntchito ndi otetezeka. Kuphunzitsa ndi mbali imodzi chabe ya udindowo. Kanema sangabweretse mabokosi ngati atha, ndipo sangatsegule kabati ya mankhwala Loweruka. M'sewero lija, mayiyo anabayidwa chifukwa wina anaponya singano m'thumba la zinyalala wamba. Woyang'anira amene walandira lipoti lotere afunse chifukwa chake singanoyo sinalowe m'bokosi. Akayamba ndi kukalipira wobayidwayo, antchito ena onse amaphunzira phunziro lina, ndipo wotsatira adzapukutira chala pa yunifomu n'kukhala chete mpaka Lolemba.