Dzina la Tchaja Limayesedwa Pakamwa Lisanafike pa Katoni

Mu 2018 kampani ya mafoni ya OnePlus inataya dzina limene makasitomala ake anali atalizolowera kale. Matchaja ake othamanga ankadziwika kuti Dash Charge, dzina lalifupi lonena za kuthamanga. Koma itapita kukalilembetsa ku ofesi yoona zizindikiro zamalonda ya mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, makampani ena awiri anatsutsa: Amazon, komanso Bragi ya ku Germany yomwe inkagulitsa timahedifoni totchedwa Dash. Pempho lija linakanidwa, ndipo chaka chisanathe OnePlus inatulukira ndi dzina lina, Warp Charge.

Kutchula tchaja imodzi n'kovuta, koma kutchula gulu lonse kumaposa apo. Kampani sigulitsa tchaja yapakhoma yokha. Imakhalanso ndi ya m'galimoto, pawabanki, chingwe, ndi mbale yongoikapo foni popanda chingwe. Wogula ayenera kuona kuti zonsezi n'zapachibale, komanso asasokoneze china ndi chinzake.

Njira imene ambiri amatsata ikufanana ndi ya mfunda ndi dzina lamunthu. Kampani ya Anker, imene Steven Yang anayambitsa ku China mu 2011 atasiya ntchito ku Google, inasankha mawu achingerezi otanthauza mphamvu kukhala mfunda, kenako n'kumawonjezera mawu osonyeza ntchito. PowerPort ndi yapakhoma, PowerDrive ndi ya m'galimoto, PowerCore ndi pawabanki, PowerLine ndi chingwe, ndipo PowerWave ndi mbale ija. Amene wadziwa awiri mwa mainawa amatha kungoganizira enawo.

Katundu atachuluka, kampaniyi inayamba kuika manambala atatu, ndipo apa mpamene chofooka chinaonekera. Anker 735 ndi tchaja ya mawati 65, koma nambala 735 sikunena zimenezo. Nayo 737 inalembedwa pa zinthu ziwiri zosiyana: tchaja yapakhoma ya mawati 120 komanso pawabanki. Nambala imathandiza wogula ikamanena chinthu chimene iye akufuna kudziwa, ndipo pa tchaja chinthucho ndi mawati.

Kamvekedwe ka dzina nako kamalankhula, ngakhale dzinalo lisakhale ndi tanthauzo. Mu 1929 katswiri wa zilankhulo Edward Sapir anapatsa anthu mawu awiri opeka, mil ndi mal, n'kuwafunsa kuti ndi liti likuimira tebulo lalikulu. Ambiri anasankha mal. Mu 2001 Ramachandran ndi Hubbard anatchukitsa kayesedwe kofanana nako: anthu ochuluka amapereka dzina loti kiki ku chithunzi chosongoka ndipo bouba ku chobulungira. Opeka maina amagwiritsa ntchito zimenezi. Malembo a liwu i ndi e, pamodzi ndi k, t ndi z, amamveka ngati kanthu kakang'ono, kakuthwa, kachangu, pomwe a, o ndi u, pamodzi ndi b ndi m, amamveka ngati chinthu chachikulu ndi cholemera. Loyambalo likuyenera tchaja yam'thumba, lachiwirilo pawabanki yaikulu. Komabe kamvekedwe n'kamphamvu pang'ono: dzina likakhala ndi tanthauzo lodziwika, tanthauzolo ndilo limapambana.

Kutchulika ndi muyeso wina. Matchaja opanda chingwe ambiri amatsata dongosolo lotchedwa Qi, la bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2008. Ndi mawu a ku China otanthauza mphamvu ya moyo, ndipo amatchulidwa kuti "chi", koma wongowawerenga pa katoni sangadziwe. Yerekezani ndi Oraimo, dzina la zipangizo za kampani ya Transsion, eni ake a Tecno, itel ndi Infinix. Phatikizo lililonse la dzinali limathera ndi lembo la liwu, monga momwe mawu a Chichewa amakhalira, choncho limatuluka pakamwa lonse. Dzina ngati BoostCharge la kampani ya Belkin limaunjika malembo opanda liwu, ndipo Mchewa amalithyola n'kulitalikitsa: "busiti tchaji".

Tiyerekeze tsono wamalonda wa ku Limbe amene akufuna kuitanitsa matchaja ku Shenzhen okhala ndi dzina lakelake, kuti azigulitsa kuno, ku Chipata ndi ku Tete. Ali ndi mitundu isanu: yapakhoma ya mawati 20, 33 ndi 65, ya m'galimoto, ndi pawabanki. Pa pepala walemba maina anayi: Moto, Mphezi, Nyonga ndi Changu.

Moto ndi losavuta kutchula kulikonse, koma palibe amene amafuna kumva za moto pamene akulumikiza foni yake ku magetsi. Kuwonjezera apo, Motorola imagulitsa kale mafoni ndi dzina lomweli. Mphezi likunena za liwiro, koma ndi mphezi yomweyo imene imaotcha ziwiya zamagetsi nthawi ya dzinja, ndipo wa ku fakitale wowerenga mwachingerezi adzatchula ph ngati f. Nyonga likumveka bwino chifukwa likutanthauza mphamvu, mpaka munthu atalilemba pa katoni ya chingwe n'kukumbukira kunyonga.

Latsala Changu. Lili ndi maphatikizo awiri, mulibe l kapena r amene anthu amasinthanitsa polemba, ndipo likulonjeza chimene wogula akufuna. Gulu lonse lingayende motere: Changu 20, Changu 33, Changu 65, Changu Galimoto ndi Changu Ulendo. M'Chiswahili ndi m'Chishona mawuwa amatanthauza chinthu cha ine mwini, zomwe sizinyoza aliyense. Koma nalo lili ndi malire ake awiri. Loyamba, ndi lonjezo: wamalondayu akadzawonjezera tchaja yotchipa ya mawati 5, dzinalo lidzanama. Lachiwiri, malamulo a zizindikiro zamalonda amakayikira mawu ongofotokoza ubwino wa katundu, chifukwa amalonda ena nawonso ali ndi ufulu wonena kuti katundu wawo ndi wachangu. N'chifukwa chake makampani amakonda kupotoza mawu kapena kupeka atsopano, monga Nexode la kampani ya Ugreen, lomwe silipezeka m'dikishonale.

Dzina limene lapulumuka limayesedwa kwa anthu, ndipo kuyesako sikufuna ndalama zambiri. Munthu amauzidwa dzinalo pa foni kamodzi, n'kupemphedwa kulilemba. Anthu khumi akalemba m'njira zitatu zosiyana, ogula sadzalipeza pa intaneti. Wina amapatsidwa katoni kuti awerenge mokweza, ndipo akakayika kapena kuseka, pali vuto. Mawa lake amafunsidwa ngati akulikumbukira. Amene amathandiza kwambiri ndi ogulitsa pa benchi, chifukwa iwo ndi amene adzalifupikitse kapena kulipatsa dzina lachipongwe.

Chomaliza ndi chimene chinagwetsa Dash Charge. Matchaja amalembetsedwa m'gulu 9 la zizindikiro zamalonda, limodzi ndi mafoni, mahedifoni ndi makompyuta, ndiye chifukwa chake kampani ya timahedifoni inatha kutsekereza kampani ya mafoni. Wamalonda wa ku Limbe uja ayenera kufufuza m'kaundula wa boma wa zizindikirozi, ndipo poti akufuna kugulitsanso kunja, afufuze m'dziko lililonse limene katunduyo adzafike komanso ku bungwe la ARIPO ku Harare. Zonsezi zichitike fakitale isanadinde dzinalo pa pulasitiki, chifukwa katoni ingasindikizidwenso, koma dzina lodindidwa pa matchaja amene ali kale m'kontena silifufutika.