Ulendo wa chakudya m'Nyanja ya Malawi, kuchokera ku ndere kufika pa kampango

Anthu okhala m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay, Likoma ndi Nkhotakota amaudziwa bwino utsi umene umafuka pakati pa madzi popanda moto. Umaoneka kawirikawiri mwezi ukakhala mumdima, ndipo mlendo angaganize kuti sitima yapsa. Utsiwo ndi nkhungu, tizilombo touluka tochuluka zedi timene tangotuluka kumene m'madzi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, anthu amatiwola, n'kutiumba timitanda ta ndiwo. Komatu nkhungu zimaulula zambiri za momwe nyanja imadyetsera zamoyo zake, ndiponso chifukwa chimene nsomba zina zimachulukira pomwe zina n'zosowa.

Chakudya chonse cha m'nyanja chimayambira pa dzuwa. M'madzi a pamwamba, momwe kuwala kumafika, mumayandama ndere zazing'ono kwambiri zosaoneka ndi maso. Nderezi zimapanga chakudya chawo pogwiritsa ntchito kuwala, mpweya wa kaboni ndi michere yosungunuka m'madzi, makamaka nayitirojeni ndi fosiforasi. Ndere zoyandamazi ndiwo msipu wa pakati pa nyanja. Zimadyedwa ndi tizilombo ta mtundu wa nkhanu, tochepa ngati kamchenga, timene akatswiri amatitcha pulankitoni. Tizilomboti ndi chakudya cha usipa ndi utaka. Usipa nawo umasakidwa ndi mcheni, ndipo kampango amadya nsomba zing'onozing'ono usiku. Pamapeto pake pali nkhwazi, ng'ona, katumbu ndi munthu. Uwu ndiwo mzere wa kudyana: chamoyo chilichonse chimadya cha m'mbuyo mwake, icho n'kudyedwa ndi cha patsogolo pake.

Mphamvu imachepa pa sitepe iliyonse

Chakudya chimene nsomba yadya sichisanduka mnofu chonse. Gawo lalikulu limathera pa kusambira, kupuma ndi kuswana, ndipo lina limatuluka ngati ndowe. Katswiri wa ku America, Raymond Lindeman, anafotokoza mfundoyi m'chaka cha 1942 atafufuza kanyanja kena m'dera la Minnesota. Kuchokera pa ntchito yakeyo, anthu amawerengera mongoyerekeza kuti gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a mphamvu ndilo limawolokera pa sitepe yotsatira.

Tiyerekeze ndi makilogalamu 1,000 a ndere. Ndere zimenezi zingalere makilogalamu 100 a pulankitoni. Pulankitoniyo angalere makilogalamu 10 a usipa, ndipo usipawo ungalere kilogalamu imodzi yokha ya mcheni. Manambalawa ndi ongothandiza kumvetsa, pakuti m'nyanja zenizeni gawolo limakwera ndi kutsika, koma chithunzi chake n'choona. N'chifukwa chake usipa umadzaza mathandala pomwe mcheni ndi kampango amawerengedwa mmodzimmodzi. Chambo chili ndi mwayi wina: chikakula chimadya ndere mwachindunji, kotero chili pafupi ndi gwero la chakudya. Kumene chambo chasowa, chifukwa chake nthawi zambiri chimakhala kuphedwa mopyola muyeso ndi kuonongeka kwa malo oswanirana.

Nkhungu zilowerera pakati

Mzere wowongoka chotere umapezeka m'mabuku mokha. M'madzi, chamoyo chimodzi chimadya zinthu zingapo ndipo chimadyedwa ndi adani angapo, kotero mizere imalukana ngati ukonde. Nkhungu ndi chitsanzo chabwino cha ukonde wa kudyanawu.

Nthawi yaitali ya moyo wake, nkhungu imakhala ili mphutsi ya m'madzi, yoonekera mkati ngati galasi. Mphutsiyi imadya pulankitoni yemweyo amene usipa umadalira, choncho ziwirizi zimalimbirana mbale imodzi. Mphutsi zokulirapo zili ndi njira yodabwitsa yopewera adani. Masana zimatsikira kozama, kumadzi osowa okosijeni kumene nsomba sizingakhale. Kukada zimakwera kudzadya, ndipo mbandakucha zimabwereranso pansi.

Tibwererenso ku makilogalamu 100 a pulankitoni aja. Akadyedwa ndi usipa, msodzi angapeze makilogalamu 10 a nsomba. Akadyedwa ndi mphutsi za nkhungu, kenaka mphutsizo n'kudyedwa ndi ndunduma kapena nkholokolo, pawonjezeka sitepe imodzi, ndipo nsomba yotsala ndi kilogalamu imodzi basi. Mphutsi zimene zapulumuka zimasanduka nkhungu n'kuuluka.

Kuwerengera kotereku kunachititsa akatswiri ena, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kuganiza zobweretsa kapenta wa ku Nyanja ya Tanganyika kuti adzadye chakudya chimene ankati chikungotayika ndi nkhungu. Iwo ankaloza ku Kariba, kumene kapenta anaikidwa m'zaka za 1967 ndi 1968 ndipo anaswana mpaka kukhala nsomba yaikulu ya malonda. Ena anatsutsa. Anati Kariba ndi nyanja yochita kupangidwa ndi anthu, imene pakati pake panalibe nsomba yodya pulankitoni, pomwe Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, ndipo nsomba yachilendo ikalowa singachotsedwenso. Ganizolo silinachitike. Kafukufuku wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amene likulu lake linali ku Senga Bay, anaonetsa kuti mphutsi za nkhungu ndi chakudya chofunika cha nsomba za pakati pa nyanja monga ndunduma. Chimene chinkaoneka ngati kutayika chinali ulusi wina wa ukonde womwewo.

Ntchito ya zowoletsa

Zamoyo zambiri za m'nyanja zimafa osadyedwa. Ndere zakufa, ndowe za pulankitoni ndi za nsomba, nkhungu zogwera m'madzi, ndi masamba obwera ndi mitsinje, zonsezi zimamira pang'onopang'ono. Pafupi ndi gombe, nkhanu, nkhono, nyongolotsi ndi nsomba zofukula m'matope zimadya zotsalirazi n'kuziphwanya tizidutswa. Koma ntchito yomaliza ndi ya mabakiteriya, mothandizidwa ndi tinkhungu ta chuku pa masamba ndi mitengo yomira. Izi ndizo zowoletsa. Zimagaya chakufa mpaka nayitirojeni ndi fosiforasi amene anali m'thupi mwake atasungunukiranso m'madzi, momwe ndere zingamugwiritsenso ntchito.

Apa pali kusiyana koyenera kukumvetsa. Mphamvu imayenda ulendo umodzi wosabwerera: imalowa ndi dzuwa, imathera m'ntchito za thupi, ndipo mawa pamafunika dzuwa lina. Michere yokha ndiyo imazungulira. Fosiforasi amene lero ali m'thupi la usipa akhoza kukhala m'ndere mwezi wamawa. Madzi a pamwamba a nyanja yathu ali ndi michere yochepa, n'chifukwa chake ndi oyera chotere, ndipo ndere zimadalira kwambiri michere imene zowoletsa ndi tizilombo zimabwezera mwamsanga. Mabakiteriyawo nawonso amadyedwa ndi tizilombo tochepetsetsa, timene timadyedwa ndi pulankitoni, kotero gawo lina la zakufa limabwerera mu ukonde kudzera njira imeneyi.

Komabe kuwoletsa kumadya okosijeni. Nyanja ya Malawi ndi yozama mamita pafupifupi 700 kumpoto kwake, ndipo madzi ake ali m'magawo osasakanikirana bwino: ofunda ndi opepuka pamwamba, ozizirirapo ndi olemera pansi. Zakufa zikamamira, mabakiteriya amamaliza okosijeni wa m'madzi a pansi, ndipo palibe chomubwezera. Kupitirira mamita pafupifupi 200 mpaka 250, madzi alibe okosijeni chaka chonse. Nsomba sizikhalako. Kumakhala mabakiteriya a mtundu wina amene amawoletsa popanda okosijeni, ndipo ena mwa iwo amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Malo obisalamo mphutsi za nkhungu aja anapangidwa ndi zowoletsa zimenezi.

Zotsatira zake n'zakuti michere yambiri imaunjikana pansi, kutali ndi kuwala. Nkhokwe ili yodzaza, koma ili kumene ndere sizingafike.

Mwera utsegula nkhokwe

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Ogasiti kapena Seputembala, mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera. Asodzi amaiopa chifukwa cha mafunde ake, koma ndi imene imadyetsa nyanja. Mwera umakankhira madzi ofunda a pamwamba chakumpoto, ndipo kummwera madzi ozizira a pansi, odzala ndi michere, amakwera kudzalowa m'malo mwake. Kuzizira kwa nyengoyi kumathandizanso madzi a pamwamba kusakanikirana mozamirapo. Ndere zimachuluka, pulankitoni amatsatira, kenaka ana a usipa amapeza chakudya chokwanira. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chigawo cha kummwera cha nyanja, cha ku Mangochi, chomwenso n'chosazama, chimaperekera nsomba zambiri kuposa madera ozama a kumpoto. Popeza usipa umakhala moyo pafupifupi chaka chimodzi chokha, kuchuluka kwake kumasintha kwambiri chaka ndi chaka malinga ndi chakudya chimene ana ake apeza.

Madzi okwerawo ali ndi ngozi yake. Akakwera mwadzidzidzi kuchokera kozama kwambiri, amabwera opanda okosijeni, ndipo nsomba zimatha kufa zambiri nthawi imodzi. Nsomba za mitundu yosiyanasiyana zikamayandama zili wefuwefu pamwamba pa madzi mphepo yamphamvu itangoomba, kusowa kwa okosijeni ndi chimodzi mwa zinthu zoyamba kuziganizira.

Ulusi umodzi ukaduka

Nkhalango zikadulidwa m'mapiri, mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa imabweretsa dothi lochuluka m'nyengo ya dzinja. Madzi amada, kuwala kumachepa, ndipo matope amakwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimapala. Dothilo limabweranso ndi michere ya m'minda. Michere ikachuluka mopyola, ndere zimaswana kwambiri, n'kufa zochuluka, ndipo zowoletsa zimadya okosijeni wambiri pozigaya. Ku Nyanja ya Victoria zimenezi zinachitika kale: madzi anada ndipo malo osowa okosijeni anakula.

Ku Cape Maclear, ofufuza anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka ogwetsedwa m'madzi osaya, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka, ndipo matendawo anafala pakati pa anthu a kumeneko. Wogwetsa khoka sanalinge ku likodzo, koma nsomba imene anachotsa ndiyo inkachepetsa nkhonozo. Chimodzimodzinso masikito akasanduka ukonde wophera nsomba, amakokolola ana a chambo, a utaka ndi a nsomba zina asanakule, ndipo mcheni, kampango ndi nkhwazi zimapeza chakudya chawo chitachepa chaka chotsatira.