Uthenga wa chaka chatha uli pati? Kufufuza mu WhatsApp osatopetsa chala

Gulu la banki mkhonde likafika pogawana ndalama kumapeto kwa chaka, mkangano suchedwa kubuka. Mayi wina akunenetsa kuti ngongole ya K50,000 anabweza kudzera pa Mpamba mwezi wa Meyi, ndipo chithunzi cha umboni anachiponya pa gulu la WhatsApp. M'buku la msungichuma mulibe. Ambiri zikatere amayamba kukoka mauthenga ndi chala, kudutsa ma "mwadzuka bwanji" a miyezi isanu ndi iwiri. Njira zachidule zilipo, koma iliyonse imafuna kuti muyambe mwadzifunsa chomwe mukukumbukiradi pa uthengawo.

Mayiyu akukumbukira mwezi, ndiye ayambire pa deti. Pa foni ya Android, atsegule gululo, adine timadontho titatu tapamwamba kumanja, asankhe Search. Pafupi ndi polembapo pali kachizindikiro ka kalendala, komwe kanafika pa Android mu 2024. Akasankha tsiku, foni imamufikitsa pa mauthenga a tsikulo. Kalendalayi imagwira ntchito mkati mwa macheza amodzi basi, ndipo imangokuyikani pamalo, kuwerenga n'kwanu. Ngati gulu limakumana Lachinayi, yesani Lachinayi lililonse la mweziwo ndi tsiku lotsatira.

Popeza umboniwo ndi chithunzi, pali njira ina yofulumira kuposa imeneyi. Dinani dzina la gulu pamwamba, mulowe pa Media, links, and docs. Zithunzi ndi mavidiyo zili pazokha, maulalo pawokha, madokumenti pawokha, zoyalidwa kuyambira zatsopano kubwerera m'mbuyo. Chithunzi cha uthenga wa ndalama chimaonekera msanga pakati pa zithunzi za ukwati ndi maluwa a moni wam'mawa. Mukachitsegula mumaona amene anatumiza, tsiku ndi nthawi, ndipo Show in chat imakubwezerani pamene chinagwera, kuti muone ngati msungichuma anayankha kuti walandira. Ngati mwaiwala kuti chinatumizidwa pa gulu kapena kwa munthu payekha, gwiritsani ntchito pofufuzira pa tsamba loyamba, pamene pali Photos, Links ndi Documents za macheza onse pamodzi.

Kufufuza ndi mawu ndi kumene kumagwiritsa anthu mwala. Pofufuzira pamafananitsa zomwe mwalemba ndi chiyambi cha mawu, pomwe m'Chichewa chathu tsinde la mneni limakhala pakati. Mukalemba "tumiza" musadabwe osapeza "ndatumiza" kapena "ndakutumizirani". Sankhani mayina a zinthu, monga "ngongole" kapena "chiwongola", chifukwa sasinthasintha kumayambiriro. Manambala nawo ali ndi vuto lawo: wina amalemba 50,000, wina 50000, wina 50k, achinyamata 50 pin. Yesani kalembedwe kalikonse, poganizira mmene wotumizayo amalembera.

Dziwaninso kuti mawu a mkati mwa chithunzi sawerengedwa. Nambala ya thiransi yomwe ili pa chithunzi cha Airtel Money siipezeka polemba. Chimene chingapezeke ndi mawu amene wotumiza analemba pansi pa chithunzicho. Uthenga wojambula mawu n'chimodzimodzi, ngakhale mutakumbukira bwino zimene zinanenedwa. Dokumenti imapezeka ndi dzina la fayilo, n'chifukwa chake mlembi wotumiza malipoti otchedwa Document1.pdf mwezi ndi mwezi amazunza gulu lonse.

Nanga kufufuza ndi dzina la wotumiza? Pa Telegram, mukamafufuza m'gulu pali kachizindikiro ka munthu, kamene kamasefa mauthenga a membala mmodzi yekha. Pa WhatsApp, kulemba dzina kumabweretsa kwambiri mauthenga amene dzinalo linalembedwamo, kutanthauza omwe ena ankamutchula mayiyo. Zimenezi zimathandizabe: yankho la msungichuma lakuti "talandira mayi uje" limakhala pansi penipeni pa umboni womwe mukufunawo.

Nthawi zina uthenga kulibiretu. Mauthenga a WhatsApp amasungidwa m'foni yanu, ndipo kufufuza kumachitika momwemo. Ngati munasintha foni popanda kubwezeretsa zosungidwa pa Google Drive, zakale zinatsalira ku foni yakaleyo. Chizindikiro chake n'chakuti macheza onse amayambira tsiku limodzi. Ngati gulu linatchera Disappearing messages, mauthenga amafufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo pa chithunzi cha gululo pamaoneka kawotchi. Chithunzi chikaoneka chachimbuuzi n'kukana kutsika, ndiye kuti chinafufutidwa m'foni kapena simunachitsitse nthawi ija posunga bandulo.

Zikatero musataye mtima, pakuti membala aliyense ali ndi mauthenga a gululo m'foni mwake. Pezani amene sanasinthe foni chiyambireni chaka, afufuze iyeyo. Umboni ukapezeka, udindeni kwa kanthawi n'kusankha kanyenyezi. Udzakhala mu Starred messages, ndipo msungichuma alembe deti lake m'buku tsiku lomwelo.