Kukumbutsa ngongole osaphwanya ubale

"Simunalipirebe. Tsiku linadutsa kalekale. Ndikufuna ndalama zanga lero." Mawu ngati awa ndi amene amabwera msanga m'mutu mwa munthu amene ntchito anagwira, invoisi anapereka, koma ndalama zii.

Tiyerekeze telala wa ku Limbe amene anasokera kampani ina ya alonda mayunifolomu 40, iliyonse K18,000. Invoisi nambala 047 ya K720,000 anaipereka pa 3 Marichi, atagwirizana kuti alipidwa pasanathe masiku 30. Pa 2 Epulo padutsa, lero ndi Lolemba pa 7. Nsalu anatenga pangongole, anyamata ake akudikira malipiro. Kupsa mtima kwake n'komveka, koma uthenga uja ukapita mmene ulilimo, ndalama zichedwa kuposa pamenepa.

Chifukwa chake n'chakuti m'maofesi invoisi imadutsa m'manja ambiri. Amene analandira katundu ayenera kusaina, a zachuma aiyerekeze ndi LPO, pepala lija limene kampani inaitanitsira katundu, kenako bwana avomereze. Kawirikawiri invoisi yochedwa ndi sabata imodzi imakhala yangokakamira pa tebulo la winawake, mwina chifukwa panasowa nambala ya LPO. Wowerenga uthenga wanu si amene wagwira ndalamazo, koma ndi amene angadzuke pampando kukafufuza. Mukamulankhula ngati wakuba, ayamba kudziteteza m'malo mokuthandizani. Ndipo ngakhale atafuna kuthandiza, ayambira pati? "Ndalama zanga" ndi zingati, za invoisi iti? Pa tebulo pake pali mainvoisi a anthu ambirimbiri.

Telala uja akanalemba chonchi:

"Mwadzuka bwanji bambo? Ndimati ndikukumbutseni za invoisi nambala 047 ya K720,000, ya mayunifolomu 40 amene tinabweretsa pa 3 Marichi. Tsiku lolipira linali pa 2 Epulo, ndipo kufika mmawa uno ndalamazo sizinaoneke ku akaunti yathu. Ndaikanso invoisiyo pamodzi ndi LPO kuti musavutike kufufuza. Chonde mundidziwitse pofika Lachitatu pa 9 Epulo tsiku limene malipirowa atuluke, ndipo ngati pali pepala lomwe likusowa, ndiuzeni ndibweretse lero lomwe. Ngati mwatumiza kale, mundipatse umboni wa kubanki kuti ndilembe m'buku. Zikomo kwambiri."

Taonani pamene ulemu wakhala. Moni ndi zikomo zilipo, inde, koma chachikulu n'chakuti "simunalipire" wasanduka "ndalamazo sizinaoneke". Mawu oyambawo akuloza munthu chala. Achiwiriwo akunena zimene telala waona ndi maso ake, ndipo ndi zoona ngakhale zitapezeka kuti kampani inatumiza Lachisanu koma banki sinamalize kusamutsa. Munthuyo wasiyidwira poyankhira popanda kuchita manyazi, ndipo munthu wosachititsidwa manyazi amayankha msanga.

Mphamvu ya uthengawu ili m'manambala ndi m'pempho. Nambala ya invoisi, ndalama zake ndi masiku zalembedwa poyera, moti woulandira angathe kungoutumiza kwa a zachuma osawonjezerapo kanthu. Pempho nalo ndi limodzi lokha, lokhala ndi tsiku lake. Ine ndimaona kuti pa chikumbutso choyamba, kupempha tsiku lolipira kumapindula kuposa kulamula kuti alipire lero. Kalaliki alibe mphamvu yotulutsa ndalama lero, ndiye amangokhala chete. Koma kufunsa bwana wake tsiku angathe, ndipo tsiku limene atchule okha ndi limene mudzawagwire nalo mawa.

Ambiri a ife vuto lathu ndi lina, la ulemu wopitirira. Timalemba kuti, "Pepani kukuvutitsani, mukapeza mpata mutiganizireko pa kankhani kaja." Pamenepa mwapepesa chifukwa chofunsa thukuta lanu, mwachepetsa K720,000 kukhala "kankhani", ndipo mwawauza nokha kuti palibe changu. Mpatawo sudzapezeka. Chotsaninso madandaulo a lendi ndi fizi ya ana. N'zoona zikukupwetekani, koma zimachititsa ngongole kuoneka ngati chithandizo chimene angapereke kapena kukana. Kuopseza za khoti kapena chiwongoladzanja chimene simunagwirizane poyamba nakonso kulibe malo mu uthenga woyamba.

Yankho limene libwere likuuzani kumene nkhani ili. Akati "ikudikira siginecha ya bwana, ituluka pa 15", zinthu zikuyenda: athokozeni, bwerezani tsikulo polemba, ndipo dikirani. Akati "tikuyang'ana" osatchula tsiku, funsani kuti invoisiyo ili m'manja mwa ndani pakali pano, mulankhule ndi ameneyo. Lachitatu likadutsa kuli chete, imbani foni Lachinayi mmawa, ndipo mukamaliza kulankhula lembani zimene mwagwirizanazo pa WhatsApp kapena pa imelo, tsiku ndi ndalama zomwe, kuti chikumbutso chachiwiri chidzakhale ndi poyambira.