Kalata yofunsira ntchito ya m'Chiarabu: musasaine musanaimve

Tiyerekeze mtsikana wa ku Mangochi, wa mfunda wa Phiri, amene wamva kuti hotela ina ku Muscat, m'dziko la Oman, ikufuna ophika. Walemba kalata yake m'Chichewa chomveka bwino, wapereka kwa munthu wodziwa Chiarabu, ndipo yabwera itatayipidwa, mizere yake ikuyambira kumanja kupita kumanzere. Iye satha kuwerengamo ngakhale liwu limodzi, komabe pansi pake asainapo ndi iyeyo.

Choyamba kusokonekera ndi dzina. Chiarabu chilibe chilembo cha p, choncho womasulira amasankha b kapena f, ndipo Phiri amasanduka Biri kapena Firi. Bwana akayerekeza kalatayo ndi pasipoti, amaona ngati ndi anthu awiri. Mankhwala ake ndi osavuta: dzina lilembedwenso m'zilembo zathuzi, ndendende monga lilili mu pasipoti, pambali pa la Chiarabulo.

Palinso china chomwe Chichewa sichitizoloweza. Ife tikati "ndine wophika", mawuwo saulula ngati wolankhulayo ndi mwamuna kapena mkazi, pomwe Chiarabu chimafuna kuti usankhe: mwamuna wophika ndi tabakh, mkazi ndi tabakha. Womasulira amene sanamuonepo mwini kalata, n'kungopeza dzina ngati Chisomo kapena Mphatso, amangoganizira, ndipo kalata ya mtsikana imatha kulankhula ngati ya bambo.

Koma pomwe mtima wanga umathira kwambiri ndi pa dzina la ntchito. Mtsikanayu walemba kuti "ndagwirapo ntchito yophika ndi kusamala pamalo ogona alendo". Womasulira wothamanga akhoza kufupikitsa zonsezo ndi liwu loti khadima, lomwe kumeneko limatanthauza wantchito wa m'nyumba. Wopempha khitchini ya hotela uja wadzipereka yekha, mosadziwa, ku ntchito ina. Ndipo kumaikoko kusintha ntchito si kophweka, chifukwa pa dongosolo lotchedwa kafala viza ya wantchito imamangiriridwa kwa bwana amene anamuitanitsa. Mu 2024 wailesi ya BBC inaonetsa amayi a ku Malawi oposa 50 amene anachita kupulumutsidwa ku nkhanza m'nyumba za ku Oman. Kalata yokha siingatchinge zonsezo, koma isakhale yotsegula khomo.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti yamasuliridwa molondola? Pezani munthu wachiwiri, amene sanaone kalata ya Chichewa ija, akuwerengereni ya Chiarabuyo akuibwezera m'Chichewa mzere ndi mzere, inu mutagwira yanu m'manja. Akhale wozolowera Chiarabu cha m'maofesi, pakuti kutha kuwerenga kumadrasa sikutanthauza kudziwa kalembedwe ka makalata a ntchito. Pomwe mawu ake asiyana ndi anu, m'pomwe pafunika kukonza.

Munthu yemweyo musamutaye. Kontrakiti ikabwera, akuwerengereninso mbali ya Chiarabu, chifukwa ku Oman pakabuka mkangano, lamulo limatsata zolembedwa m'Chiarabu, osati m'chinenero chinacho.