Tsiku lobwerera kuchipatala likagwera pa holide

Mmisiri wa mapulogalamu a pakompyuta amene akudziwa ntchito yake sathamangira kulemba pulogalamu. Amayamba wakhala pansi ndi anamwino komanso akalaliki a pachipatala n'kulemba chikalata chofotokoza zonse zomwe pulogalamu yosungira masiku a odwala idzachite. Chikalatacho chimatchula zoyenera kusungidwa, zomwe wogwira ntchito aziona pa sikirini, ndiponso zoyenera kuchitika zinthu zikapanda kuyenda monga mwa masiku onse.

Zoyenera kusungidwa n'zochepa: nambala ya wodwala, dzina, mudzi, tsiku lobadwa, tsiku lomwe wapatsidwa, ndi chizindikiro chosonyeza ngati anabwera kapena ayi. Nambala ndiyo imasiyanitsa anthu, chifukwa a Banda awiri a dzina limodzi angathe kuchokera m'mudzi umodzi. Nanga agogo osadziwa tsiku lomwe anabadwa? Pulogalamu ya OpenMRS, yomwe zipatala zambiri mu Africa zimagwiritsa ntchito, ili ndi malo otchedwa `birthdate_estimated` osonyeza kuti tsikulo n'longoyerekeza.

Masikirini atatu angakwanire. Pali yofufuzira wodwala, yosankhira tsiku yomwe imaonetsanso kuchuluka kwa anthu olembedwa kale patsikulo, ndi ina ya mndandanda wa oyembekezeka lero.

Ntchito yeniyeni ili pa zochitika zapatalipatali. Tiyerekeze kuti mayi wina analandira mapiritsi 90 a ma ARV Lachiwiri pa 8 Epulo 2025, oti azimwa limodzi patsiku kuyambira tsiku lomwelo. Piritsi lomaliza limwedwa pa 6 Julaye, ndiye kompyuta yongowerenga masiku imuuza kuti abwere pa 7 Julaye. Komatu chaka chimenecho tsiku lokumbukira ufulu wa dziko la Malawi linagwera Lamulungu, ndipo holide inapita Lolemba, pa 7 pomwepo.

Mmisiri yemwe sanauzidwe kanthu angasunthire mayiyo kutsogolo, pa 8 Julaye, motero mayiyo agona tsiku limodzi osamwa mankhwala. N'chifukwa chake chikalata chiyenera kunena mosapsatira kuti tsiku lizibwerera m'mbuyo, lifike Lachisanu pa 4 Julaye. Ngati chipatala chinagwirizana zoona anthu 80 patsiku ndipo Lachisanulo ladzaza, libwererenso pa 3 Julaye. Masiku a holide nawo asamatiridwe m'kati mwa pulogalamu. Mkulu wa chipatala azitha kuwalowetsa yekha, pakuti tsiku la Idi limadalira kuoneka kwa mwezi.

Palinso nkhani ya uthenga wokumbutsa wa pafoni, yomwe amisiri ambiri amaipeputsa. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo uthengawo angauwerenge ndi mwamuna, mwana kapena mlamu. Chikalata chabwino chimalamula kuti wodwala ayambe wavomereza, komanso kuti uthengawo ungotchula tsiku, osatchula matenda kapena mankhwala. Wodwala akakana, kalaliki amulembere tsikulo m'buku lake la kuchipatala basi.